Ndemanga Yothandiza Imayambira kwa Woipempha

Munthu walemba kalata, chilengezo, ulaliki kapena pempho la thandizo. Asanatumize akufuna wina aone kaye, ndiye akupatsira mnzake pepalalo n'kunena kuti, "Mundionereko." Izi zimachitika tsiku ndi tsiku m'maofesi, m'masukulu, m'mipingo ndi m'makomiti a kumudzi, ndipo chimene wolembayo amabwerera nacho nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina amuuza kuti, "Zili bwino kwambiri, palibe vuto," kapena pepala libwerera lili psuu ndi inki yofiira: apa mwasiya mpumiro, apa chilembo chachikulu, apa mawu mwawalekanitsa molakwika. Woyambayo sanathandizike konse. Wachiwiriyo akuona ngati wathandizika, koma funso lenileni, loti kodi pepalali ligwira ntchito imene alilembera, palibe amene walikhudza.

Timathamangira kudandaula kuti anthu sadziwa kupereka ndemanga. Ine ndimaona kuti vuto limayambira kwa wopempha. Munthu amene mwamupatsa pepala osamuuza kanthu sadziwa chimene mukufuna kukwaniritsa, sadziwa amene mukuwalembera, sadziwanso ngati mwabwera kudzalimbikitsidwa kapena kudzakonzedwa. Ndiye amangochita chimene chili chapafupi ndiponso chosamuika m'mavuto: kuyamikira, kapena kukonza zilembo.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti m'mudzi wina wa makomo 60 mjigo wakhala ukuwonongeka kawirikawiri, ndipo ukawonongeka pamatha masabata anthu akusonkherana ndalama zogulira zipangizo ndi kulipira wokonza. Komiti ya mjigo yagwirizana kuti khomo lililonse lizipereka K500 pamwezi kwa msungichuma, tsiku lomaliza likhale pa 5. Mlembi wa komitiyo wapatsidwa ntchito yolemba chilengezo chimene chidzawerengedwe pa msonkhano wa amfumu Loweruka.

Mlembiyo walemba tsamba lathunthu. Wayamba ndi mbiri ya mjigowo, chaka chimene unakumbidwa ndi amene anaukumba. Kenako wadandaula za "anthu ena osasamala" amene amalola ana kusewera ndi mpini wa mjigo. Nkhani ya K500 yabwera m'ndime yomaliza, m'chiganizo chachitali chimene chatchulanso K5,000, chindapusa cha munthu wopezeka akuchapira zovala pa simenti ya mjigo. Akapita nalo kwa mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mundionereko," mphunzitsiyo achita ntchito imene amaidziwa bwino. Akonza kalembedwe, awongola ziganizo, mwinanso awonjezera mawu aulemu pa malonje. Pepala lituluka loyera. Koma Loweruka anthu adzabalalika ena akunena kuti ndi K5,000, ena akufunsana ngati K500 ndi ya munthu aliyense kapena ya khomo, ndipo amayi amene amatunga madzi ndi ana kumbuyo adzapita kunyumba atamva kuti komiti yawanena. Mphunzitsi sanalakwe chilichonse. Anayankha funso limene anaganiza kuti wafunsidwa.

Chinthu choyamba chimene mlembiyu anayenera kunena ndi cholinga, ndipo apa ndi pamene ambiri timazembera. Tikafunsidwa cholinga timatchula mutu wa nkhani: "Ndi chilengezo cha za mjigo," kapena, "Ndikufuna anthu adziwe za chopereka." Umenewo ndi mutu chabe. Cholinga chimatchula zimene munthu achite akamaliza kumva kapena kuwerenga. Cha mlembi wathuyu n'chakuti khomo lililonse lipereke K500 kwa msungichuma pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse, ndipo lipereke mosanyinyirika. Mukachinena chotero, wowerenga wapeza muyeso. Ndime iliyonse angathe kuifunsa kuti, kodi iwe ukuthandiza kuti ndalamayi iperekedwe? Mbiri ya mjigo siyankha funsoli. Kudzudzula "anthu osasamala" kukulimbana nalo kumene. Ndipo wowerenga wanzeru angathe kuona chimene chikusowa: anthu sanauzidwe kuti makomo 60 akapereka zimakwana K30,000 pamwezi, kuti ndalamayo izisungidwa kuti, ndiponso kuti adzamva liti mmene yayendera. Ndemanga ngati imeneyi singatuluke kwa munthu amene sanauzidwe kuti pepalali ntchito yake n'kutolera ndalama.

Pali phindu lina lobisika pamenepa. Nthawi zina munthu akayesa kunena cholinga chake m'chiganizo chimodzi amapeza kuti sizikutheka, chifukwa ali ndi zolinga zitatu zimene zikukokana. Mlembi wathu amafuna kutolera ndalama, amafuna kuletsa kuchapa pa mjigo, amafunanso kuonetsa kuti komiti yatsopanoyi ikugwira ntchito kuposa yakale. Akazindikira zimenezi asanapite kwa aliyense, wadzipatsa yekha ndemanga yofunika kwambiri. Angasankhe kuti nkhani ya chindapusa idikire msonkhano wina.

Chachiwiri ndi omvera, ndipo kungonena kuti "anthu a m'mudzi" sikukwanira. Wopereka ndemanga ayenera kudziwa mmene uthengawo udzawafikire. Chilengezochi palibe amene adzachigwire m'manja. Adzachimva kamodzi kokha, panja, pansi pa mtengo, ana akulira, ena akungofika kumene. Wowerenga pepala akasokonezeka amabwerera m'mbuyo n'kuwerenganso, koma womva ndi khutu alibe mwayi umenewo. Choncho chiganizo chimene chikuoneka chokongola pa pepala chingakhale cholemera kwambiri m'khutu, ndipo kubwereza nambala kawiri, kumene mphunzitsi angakudule kuti n'kuwononga mawu, n'kumene kungapulumutse uthenga wonse. Ayeneranso kudziwa zimene omverawo akudziwa kale, kuti zisabwerezedwe, ndi zimene zili mumtima mwawo. Ngati m'mudzimo munasowapo ndalama za chitukuko, aliyense pamsonkhanopo adzakhala ndi funso limodzi lomwelo ngakhale asalitchule, ndipo chilengezo chimene sichiliyankha chalephera chisanayambe. Mphunzitsi amene anabwera m'deralo chaka chatha sangadziwe zimenezi pokhapokha atauzidwa.

Kuganizira omvera kumasinthanso munthu amene mungamupemphe. Timakonda kupita kwa wophunzira kwambiri amene tikumudziwa, koma iye amamva zinthu zimene omvera enieni sangamve, chifukwa ubongo wake umadzaza wokha mipata imene wolemba wasiya. Pa funso loti kodi uthengawu ukumveka, katswiri ndi mayi amene amatunga madzi pa mjigowo m'mawa uliwonse. Mlembi akanachita bwino kupita kwa anthu awiri, aliyense ndi funso lake: kwa mphunzitsi za dongosolo la mfundo, kwa mayiyo za mmene zikumvekera m'khutu.

Chachitatu, mtundu wa ndemanga, ndi chimene chimadanitsa anthu chikasiyidwa. Douglas Stone ndi Sheila Heen, aphunzitsi a pa sukulu ya zamalamulo ya Harvard ku America, anafotokoza m'buku lawo la mu 2014 kuti zimene timazitcha ndemanga zili m'magulu atatu. Pali kuyamikira, kumene kumauza munthu kuti khama lake laoneka. Pali kulangiza, kumene kumamuonetsa mmene angachitire bwino. Palinso kuyeza, kumene kumamuuza pamene ali, ngati wafika pa mlingo wofunika kapena ayi. Mfundo yawo n'njakuti kusamvana kwambiri kumabwera pamene munthu amafuna mtundu umodzi n'kulandira wina. Mwana amene waonetsa bambo ake ndakatulo yake yoyamba amafuna kuyamikiridwa, ndiye akalandira mndandanda wa zolakwa sadzawaonetsanso ina. Wofunsira ntchito amene kalata yake ikupita mawa amafuna kudziwa ngati yafikapo, ndiye mawu oti "mwayesetsa" samuuza kanthu. Palibe mtundu wochititsa manyazi kuupempha. Kufuna kulimbikitsidwa si kufooka, ndipo munthu angathe kunena poyera kuti, "Achimwene, ntchitoyi yandilemetsa. Lero ndiuzeni zokhazo zimene zikuyenda, zokonza tidzakambirane Lolemba." Chosalungama n'kubisa chimene ukufuna, kenako n'kukwiyira mnzako kuti sanalote.

Pamodzi ndi mtunduwo, nenani pamene ntchito yafika. Telala akakuitanani kudzayesa chovala chimene wangolumikiza ndi ulusi wongogwirizira, ndiye nthawi yonena kuti mapewa athina kapena kutalika kwachepa, ndipo kudandaula za mabatani pamenepo n'kutaya nthawi. Akamaliza kusoka, zimatembenuka: mabatani angasinthidwe, koma mapewa ayi. Zolemba zilinso chimodzimodzi. Ngati mlembi ali ndi masiku anayi ndipo ali wokonzeka kulembanso zonse, anene, kuti mphunzitsi asataye ola lathunthu akukonza zilembo m'ndime imene idzachotsedwe. Ngati msonkhano ndi mawa m'mawa, anenenso, kuti asapatsidwe malangizo ogwetsa nyumba yonse usiku. Atchulenso zimene sizingasinthe. K500 inagwirizanidwa ndi komiti, mlembi alibe mphamvu yoitsitsa, choncho mtsutso woti ikanakhala K300 ngwa tsiku lina ndi anthu ena.

Tikasonkhanitsa zonsezi, pempho la mlembi kwa mphunzitsi lingamveke motere:

"Aphunzitsi, pepani ndikutayitseniko nthawi pang'ono. Ichi ndi chilengezo chimene chidzawerengedwe mokweza pa msonkhano wa amfumu Loweruka. Tikufuna kuti anthu akamva, khomo lililonse liyambe kupereka K500 kwa msungichuma pofika pa 5 mwezi uliwonse. Ambiri adzangomva kamodzi, ndipo mudziwe kuti kuno ndalama za chitukuko zinasowapo, ndiye anthu ali ndi chikayiko. Ndalamayo ndi tsikulo n'zogwirizana kale, sizisintha. Kumeneku n'kulemba koyamba, za zilembo musavutike nazo. Ndikufuna mundiuze zinthu ziwiri: kodi mfundo ndaziika m'dongosolo loyenera, nanga munthu wokayika angafunse chiyani chimene sindinayankhe? Ngati mungathe pofika Lachinayi, ndithokoza."

Kunena zimenezi sikutenga mphindi imodzi. Onani kuti mafunso ndi awiri okha. Mukapereka khumi, munthu amayankha atatu osavuta n'kusiya ovutawo.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kwambiri kwathu kuno, nkhani ya ulemu. Mlembi akapita kwa mayi wotunga madzi uja n'kumufunsa kuti, "Amayi, chilengezochi chili bwino?" yankho likudziwika kale. Munthu woleredwa bwino sauza mlembi wa komiti, kapena abusa, kapena bwana wake, kapena apongozi, kuti zimene alemba sizikumveka. Amenewa si mabodza, ndi khalidwe limene limatisunga pamodzi, ndipo kumuuza kuti "musaope, nenani chilungamo" sikuchotsa mwambo umene wakula nawo. Njira yake ndi kufunsa mafunso amene munthu angayankhe moona popanda kudzudzula aliyense.

Peter Elbow, mphunzitsi wa kalembedwe wa ku America, anatsindika mfundo yothandiza pano m'buku lake la mu 1973. Iye ankati wolemba amapindula kwambiri akamva zimene zinachitika m'mutu mwa wowerenga pamene ankawerenga, kusiyana ndi kumva chigamulo chake. Wowerenga asakhale woweruza, akhale mboni: anene mawu amene amutsalira, abwereze mwachidule zimene wamva, asonyeze pamene maganizo ake anachoka. Ndiye mlembi awerenge chilengezocho mokweza kamodzi kokha, monga zidzakhalire Loweruka, apinde pepala, kenako afunse kuti, "Amayi, mutakumana ndi anzanu amene sanabwere ku msonkhano, mungawauze kuti kwanenedwa chiyani?" Akayankha kuti, "Akuti tizisamala ana pa mjigo, apo ayi tilipira K5,000," mlembi wadziwa zonse zimene amafuna kudziwa, ndipo mayiyo sananyoze munthu. Angapitirize: "Ndalamayo mukapereka kwa ndani? Pofika liti? Ndi mawu ati amene akanakhala kuti akunena inu akanakupwetekani?" Funso lomalizali likupatsa mayiyo pobisala. Angathe kunena kuti "ena akhoza kudandaula ndi mawu akuti osasamala," ndipo nonse mukudziwa kuti enawo ndi ndani.

Mafunso otere ali ndi ubwino winanso: amaloza pa ntchito, osati pa munthu. Mu 1996 akatswiri awiri, Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi, anasonkhanitsa zotsatira 607 za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza ndemanga zimene anthu amapatsidwa pa ntchito yawo. Anapeza kuti ngakhale ndemanga zimathandiza tikaphatikiza zonse, pa zotsatira zitatu zilizonse, choposa chimodzi chinaonetsa ntchito ikutsika munthu atalandira ndemanga. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti ndemanga imachepa mphamvu ikamachotsa maganizo a munthu pa ntchitoyo n'kuwaika pa iye mwini. Wopempha ali ndi gawo pamenepa. Amene wafunsa kuti, "Kodi ndimatha kulemba?" waitana yekha chigamulo cha pa moyo wake, ndipo yankho lililonse limusiya akudziganizira, kaya monyada kaya mwamanyazi. Amene wafunsa kuti, "Kodi tsiku lomaliza kupereka lamveka?" waitana yankho limene angaligwiritse ntchito madzulo omwewo.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo tisawabise. Munthu amafunsa za mavuto amene akuwaganizira kale, pamene vuto lalikulu nthawi zambiri limakhala limene sakuliona. Mlembi angafunse bwinobwino za dongosolo la mfundo, koma mphunzitsi n'kuona kuti chilengezochi sichikutchula amfumu ngakhale pamodzi, ndipo chikumveka ngati komiti ikulamula mudzi pa iyo yokha. Ngati pempho linali lothina kwambiri, mphunzitsi waulemu angameze mfundo imeneyi poganiza kuti sanafunsidwe. Liz Lerman, mayi wa ku America wopeka magule, anakonza njira yokambirana za ntchito ya luso cha m'ma 1990 imene imasamalira mbali ziwiri zonsezi. Oonera amayamba ndi kunena zimene zawakhudza. Kenako mwini ntchito ndiye amafunsa mafunso ake. Pambuyo pake oonera amafunsa awo, koma mafunso osabisa chigamulo mkati. Pomaliza penipeni m'pamene woonera amatchula kuti ali ndi maganizo pa chinthu chakutichakuti, n'kufunsa ngati mwini ntchito akufuna kuwamva, ndipo iye ali ndi ufulu wokana. Chimene tingatengepo n'chakuti mafunso a mwini ntchito amatsogola, koma khomo silitsekedwa. Mlembi angowonjezera chiganizo chimodzi pa pempho lake: "Ndipo ngati mwaona china chachikulu chimene sindinafunse, chonde musandibisire." Mawu akuti chachikulu ndi ofunika, chifukwa popanda iwo inki yofiira ija imabwereranso.

Pali zizindikiro zoonetsa kuti pempho silinagwire. Yankho likabwera msanga kuposa nthawi imene munthu angawerengere pepalalo, sanawerenge, kapena waona kuti simukufuna zambiri. Ndemanga zonse zikakhala za zilembo, simunanene pamene ntchito yafika. Wopereka ndemanga akayamba ndi mawu akuti "ndikanakhala ine," n'kulemba chilengezo chakechake, ndiye kuti cholinga chanu sanachimve, akugwiritsa ntchito chake. Zikatero musamutaye munthuyo. Bwererani mukanene zimene munasiya.

Koma pempho labwino likhoza kuwonongeka pa mphindi yomaliza, pamene yankho likubwera. Mayi uja akanena kuti wamva K5,000, lilime la mlembi lidzayabwa kuti, "Ayi amayi, si zimene ndimatanthauza, onani apa ndalemba kuti..." Akangotero waphonya ziwiri. Wauza mayiyo kuti anayankha molakwa, ndiye funso lotsatira adzangoti "zili bwino." Waiwalanso kuti Loweruka sadzatha kutsatira anthu 60 kumakomo kwawo kukawafotokozera zimene amatanthauza. Chimene mayiyo wamva ndicho chimene pepalalo lanena. Ntchito ya mlembi pamenepo ndi kulemba yankholo, kufunsa kuti "chinanso?", ndi kuthokoza.

Kumvetsera sikutanthauza kutsatira zonse. Ndemanga zimatsutsana, ndipo apa m'pamene cholinga ndi omvera zimagwiranso ntchito kachiwiri. Tinene kuti mphunzitsi walangiza kuti mbiri ya mjigo isachotsedwe chifukwa ikupatsa chilengezo ulemerero, pamene mayiyo waonetsa kuti pofika pa nkhani ya ndalama anali atasiya kale kumvetsera. Mlembi sayenera kusankha potengera kuti wamkulu ndani. Afunse kuti ndi ndemanga iti imene ikuyandikitsa K500 m'manja mwa msungichuma. Mbiriyo angaifupikitse kukhala chiganizo chimodzi, n'kukauza mphunzitsi chifukwa chake, pakuti munthu amene waona kuti mawu ake anaganiziridwa amavomeranso ulendo wina ngakhale sanatsatidwe onse.

Chilengezo cholembedwanso chingayambe ndi malonje kwa amfumu ndi kunena kuti iwo avomereza dongosololi. Kenako chinene nthawi yomweyo kuti khomo lililonse, osati munthu aliyense, lizipereka K500 pamwezi kwa msungichuma pofika pa 5. Chifotokoze kuti aliyense wopereka adzalembedwa m'kaundula iye akuona, kuti ndalamazo ndi zogulira zipangizo ndi kulipira wokonza mjigo basi, ndiponso kuti miyezi itatu iliyonse komiti izidzawerenga pagulu zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Chimalize ndi kubwereza ndalama, tsiku ndi munthu wolandira. Za ana ndi za chindapusa zichoke. Lisanafike Loweruka, mlembi akachiwerengere munthu wina amene sanamve cholemba choyamba chija, chifukwa mayi woyambayo tsopano akudziwa kale yankho ndipo sangathenso kuchimva ngati mlendo.